Kutsimikiza Samu Yaitali Pophatikizanso Kuchokera Pansi

Banja limene limalemba ndalama zolowa ndi zotuluka m'kope, kaya za malonda a pamsika, za aganyu a kumunda kapena za zopereka za gulu la banki m'khonde, limafika pa nthawi yowonkhetsa, ndiko kuti kuphatikiza manambala onse olembedwa motsatana kuti papezeke nambala imodzi yoimira zonse pamodzi, imene m'nkhani ino ikutchedwa chiwonkhetso. Mndandanda ukatalika, ngakhale munthu wodziwa masamu bwino amatha kuphonya penapake, ndipo choipa cha kuphonya kotereku nchakuti chiwonkhetso cholakwika sichioneka chosiyana ndi cholondola. Anthu ambiri akakayika amabwereza samuyo kuyambira pamwamba monga anachitira poyamba, ndipo akapeza yankho lomwelo mtima umakhala pansi. Kubwereza kotere nkosakwanira. Njira yodalirika kuposa imeneyi, yosafuna chida china kupatula kope ndi pensulo, ndiyo kuphatikiza koyamba kuchokera pamwamba kutsika, kenaka kuphatikizanso kachiwiri kuchokera pansi kukwera.

Chifukwa chake kutembenuza kumagwira cholakwa

Njirayi yakhazikika pa mfundo ziwiri, imodzi ya masamu ndipo ina ya mmene mutu wa munthu umagwirira ntchito. Mfundo ya masamu ndi yakuti chiwonkhetso sichisintha ngakhale manambala aphatikizidwe mu dongosolo lina lililonse, kotero kuti 4, 9 ndi 6 zimapereka 19 kaya munthu ayambe ndi 4 kaya ayambe ndi 6. Motero ngati kutsika ndi kukwera kwapereka mayankho osiyana, palibe chokayikitsa kuti kumodzi mwa kuwiriko kwalakwika, ndipo nthawi zina kungakhale kuti konse kuwiri kwalakwika.

Mfundo yachiwiri ndiyo imene imasiyanitsa kutembenuza ndi kubwereza wamba. Pamene munthu akuphatikiza mndandanda wautali, amanyamula m'mutu chiwerengero chimene chimakula pa sitepe iliyonse, chimene chingatchedwe chiwerengero cha m'njira. Pa chitsanzo cha 4, 9 ndi 6, wotsika amanena 4, 13, 19, pomwe wokwera amanena 6, 15, 19. Mayankho omaliza ndi ofanana, koma masamu ang'onoang'ono ochitidwa m'njira ndi osiyana: wotsika waphatikiza 4 ndi 9, kenaka 13 ndi 6, pomwe wokwera waphatikiza 6 ndi 9, kenaka 15 ndi 4. Tsono munthu aliyense ali ndi timalo take pamene amakonda kuterereka, makamaka pophatikiza 7, 8 kapena 9 ku nambala imene ikudumpha khumi, ndipo amene wanena kamodzi kuti 27 ndi 8 ndi 34 amatha kunenanso chimodzimodzi pakapita mphindi imodzi, chifukwa mawu amene wangowanena amakhala akadali m'khutu ndipo amabwera msanga kusiyana ndi kuwerengera kwatsopano. Kubwereza kuchokera pamwamba kumamubweretsa pa 27 ndi 8 pomwepo, koma kukwera kuchokera pansi kumamufikitsa pa 8 yemweyo ali ndi chiwerengero china m'mutu. Zili ngati munthu wofunafuna kiyi wotayika m'njira, amene pobwerera amaona mbali ya miyala ndi tchire imene inabisika popita.

Kulemba mndandanda

Kutsimikiza kumayamba samu isanayambe, pa kalembedwe ka manambala. Nambala iliyonse ya ndalama ili ndi malo ake: kumanja kwenikweni kuli malo a maumodzi, kenaka a makumi, a mahandiredi, ndi a masauzande. Polemba mndandanda, malo ofanana ayenera kukhala pansi pa anzake, kuti apange mizere yoima yowongoka, ndipo zimenezi zimatheka pokhapokha manambala onse akalunjikitsidwa kumanja osati kumanzere. Kope la masamu la timabokosi limathandiza kwambiri, chifukwa bokosi lililonse limatenga nambala imodzi. Pamene kope lotere palibe, nkoyenera kujambula mizere yoima ndi rula musanalembedwe kanthu. Pansi pa mndandanda pasiyidwe malo okwanira kulembapo mayankho awiri, ndipo pamwamba pasiyidwe mpata wa manambala osunga, amene afotokozedwa m'munsimu.

Chitsanzo chowerengeredwa

Tiyerekeze banja limene limagulitsa masamba a m'dimba ndipo lalemba ndalama za masiku asanu ndi atatu a msika motere:

Tsiku 1: K4,750
Tsiku 2: K2,380
Tsiku 3: K6,920
Tsiku 4: K1,460
Tsiku 5: K3,870
Tsiku 6: K5,290
Tsiku 7: K840
Tsiku 8: K7,630

Kuphatikiza kumayambira kumanja. Mzere wa maumodzi uli ndi maziro okhaokha, choncho pansi pake palembedwa 0. Mzere wa makumi uli ndi 5, 8, 2, 6, 7, 9, 4 ndi 3, ndipo wowonkhetsa potsika amanena 5, 13, 15, 21, 28, 37, 41, 44. Makumi 44 ndi mahandiredi anayi ndi makumi anayi, choncho 4 wakumanja amalembedwa pansi pa mzere wa makumi, ndipo 4 wakumanzere amasamukira ku mzere wa mahandiredi. Ameneyu ndiye nambala yosunga, ndipo malo ake ndi pamwamba pa mzere umene akupitako, wolembedwa mwaung'ono koma mooneka. Kusunga nambalayi m'mutu mokha ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimalakwitsa masamu ambiri a m'makope a pakhomo. Nkofunikanso kulemba 44 yenseyo pambali, m'mphepete mwa tsamba, chifukwa adzafunika pofananitsa.

Mzere wa mahandiredi uli ndi 4 wosunga uja pamwamba, kenaka 7, 3, 9, 4, 8, 2, 8 ndi 6. Tiyerekeze kuti wowonkhetsayo watereka pakati, nanena 4, 11, 14, 23, 27, 34, 36, 44, 50. Cholakwa chalowa pamene 27 ndi 8 zapereka 34 m'malo mwa 35, ndipo masitepe onse otsatira achitidwa molondola koma atanyamula kuperewera kwa 1 mpaka kumapeto. Iye amalemba 50 pambali, 0 pansi pa mzere, nasunga 5. Mzere wa masauzande umapita 5, 9, 11, 17, 18, 21, 26, 33, podumpha tsiku lachisanu ndi chiwiri limene lilibe sauzande. Chiwonkhetso choyamba ndi K33,040, ndipo palibe chilichonse pa nambalayi chosonyeza kuti yalakwika.

Tsopano yankho loyambalo, pamodzi ndi manambala a m'mphepete aja, liphimbidwe ndi kapepala kapena rula. Kuphimbaku sikungochitira mwambo ayi: maso akamaona yankho limene likuyembekezeka, mutu umakankhira sitepe yomaliza kuti igwirizane nalo, ndipo munthu amene wafika pa 47 nkuona 50 atalembedwa amatha kuvomereza asanaphatikize bwinobwino. Kuwerengera kwachiwiri kumayambiranso kumanja, koma mzere uliwonse umawerengedwa kuchokera pansi. Makumi amapita 3, 7, 16, 23, 29, 31, 39, 44. Yankho ndi 44, logwirizana ndi loyamba, choncho 4 wosunga uja watsimikizika. Mahandiredi amapita 6, 14, 16, 24, 28, 37, 40, 47, ndipo 4 wosunga, amene tsopano akufikiridwa pomaliza chifukwa ali pamwamba, amafikitsa chiwerengero pa 51. Apa 8 wa tsiku lachisanu wakumana ndi 16 osati 27, choncho malo oterera aja sanapondedwenso. Palembedwa 1 ndipo pasungidwa 5. Masauzande amapita 7, 12, 15, 16, 22, 24, 28, ndipo 5 wosunga amafikitsa pa 33. Chiwonkhetso chachiwiri ndi K33,140.

Mayankho awiriwa asiyana ndi K100, ndipo manambala a m'mphepete akuonetsa nthawi yomweyo pamene pali vuto: makumi agwirizana pa 44, masauzande agwirizana pa 33, koma mahandiredi apereka 50 ndi 51. Ili ndilo phindu lolemba yankho la mzere uliwonse palokha, chifukwa m'malo mobwereza samu yonse kachitatu, wowonkhetsa amabwerera ku mzere umodzi wokha.

Pali chinthu chimodzi choyenera kusamala pokwera. Nambala yosunga yogwiritsa ntchito kachiwiri ikhale yochokera ku kuwerengera kwachiwiri komweko, osati yongokopera pa yoyamba. Cholakwa cha mzere wa mahandiredi chikanakhala chachikulu pang'ono, mwachitsanzo 49 m'malo mwa 51, nambala yosunga ikanakhala 4 m'malo mwa 5, ndipo munthu wokwera mzere wa masauzande ndi 4 yemweyo akanapeza masauzande ogwirizana mbali zonse ziwiri koma onse operewera.

Mayankho akasiyana

Kusiyana kwa mayankho kumangosonyeza kuti cholakwa chilipo. Sikunena kuti yankho lolondola ndi liti. Nkulakwa kuganiza kuti lachiwiri ndiye loona chifukwa labwera pambuyo, ndipo nkulakwanso kwambiri kusankha limene likukomera mwini kope kapena kutenga nambala ya pakati pa awiriwo. Pafunika kuwerengera kachitatu, ndipo kachitatuko kakhale ka njira ina yosiyana ndi ziwiri zoyamba. Njira yosavuta ndiyo kudula mzere wokayikitsawo pakati. Mahandiredi a masiku anayi oyamba, 7, 3, 9 ndi 4, amapereka 23. A masiku anayi omaliza, 8, 2, 8 ndi 6, amapereka 24. Pamodzi ndi 47, ndipo powonjezera 4 wosunga ndi 51. Njira ziwiri zosiyana zagwirizana pa 51, choncho chiwonkhetso cholondola ndi K33,140. Amene akufuna kutsimikiza samu yonse mwanjira imeneyi adzapeza kuti masiku anayi oyamba amapereka K15,510 ndipo omaliza amapereka K17,630, zimene pamodzi ndi K33,140.

Kukula kwa kusiyanako kumatha kuloza mtundu wa cholakwa, choncho ndi bwino kuchotsera yankho laling'ono ku lalikulu musanachitike china chilichonse. Kusiyana kwa K10, K100 kapena K1,000 ndendende kawirikawiri kumachokera ku kutereka ndi 1 pa mzere umodzi, monga m'chitsanzo chija, kapena ku nambala yosunga imene yalakwika. Kusiyana kwa K400 pa samu imeneyi kukanaloza ku 4 wosunga woiwalika kapena wophatikizidwa kawiri, kapenanso ku 4 wa tsiku lachinayi wodumphidwa. Kusiyana kofanana ndi ndalama ya tsiku limodzi lathunthu, monga K1,460, kumasonyeza kuti tsikulo ladumphidwa kapena lawerengedwa kawiri, zimene zimachitika makamaka pogwiritsa ntchito kakyuleta. Njira yopewera kudumpha ndiyo kuyendetsa rula kapena nsonga ya pensulo sitepe ndi sitepe, kuti diso lisatsogole dzanja.

Kakyuleta ya pafoni

Mabanja ambiri tsopano amawonkhetsa ndi kakyuleta ya pafoni, ndipo ena amaganiza kuti kutsimikiza kwatha ntchito. Kakyuleta siphonya pophatikiza, koma chala chimaphonya potayipa, ndipo pa foni ya mabatani kapena ya galasi losweka nkosavuta kudina nambala yoyandikana, kusiya ziro mmodzi kapena kusinthanitsa manambala awiri. Lamulo ndi lomwelo: manambala alowetsedwe koyamba kuchokera pamwamba, yankho lilembedwe, kakyuleta ifufutidwe kufika pa ziro, kenaka alowetsedwenso kuchokera pansi, powerenga nambala iliyonse m'kope mwatsopano.

Zolakwa za potayipa zili ndi chizindikiro chake chothandiza kuchidziwa. Manambala awiri akasinthanitsidwa malo, kusiyana kwake kumagawika ndi 9 popanda chotsala. Amene watayipa 3,780 m'malo mwa 3,870 amapeza kusiyana kwa 90, ndipo amene watayipa 5,920 m'malo mwa 5,290 amapeza kusiyana kwa 630, komwe ndi 9 kuchulukitsa ndi 70. Chimodzimodzinso ziro akawonjezeka kapena kusowa kumapeto: 8,400 m'malo mwa 840 amabweretsa kusiyana kwa 7,560, ndipo kugawa 7,560 ndi 9 kumapereka 840 yemweyo, ndiko kuti kumaloza ndalama imene yalakwitsidwa. Chizindikirochi chimangosonyeza koyambira kufufuza, chifukwa kusiyana kogawika ndi 9 kungabwerenso mwangozi kuchokera ku zolakwa zina.

Mindandanda yaitali kwambiri

Mlembi wa gulu la banki m'khonde la anthu makumi awiri kapena kuposerapo amakumana ndi mizere imene chiwerengero chake cha m'njira chimadutsa 100, ndipo pamenepo mutu umatopa ndipo kuphonya kumachuluka. Mndandanda wotere udulidwe m'magawo a manambala khumi kapena ocheperapo, gawo lililonse liwonkhetsedwe potsika ndi pokwera, ndipo pomaliza mayankho a magawowo aphatikizidwe, nawonso potsika ndi pokwera. Ngati mndandanda wadutsa pa tsamba lina, chiwonkhetso cha tsamba loyamba chitsimikizidwe chisanakoperedwe pamwamba pa tsamba lotsatira, chifukwa cholakwa chosamutsidwa chimaipitsa masamba onse otsatira ndipo chimavuta kuchilondola pakapita miyezi. Pamene pali anthu awiri, monga mlembi ndi msungichuma, kapena bambo ndi mayi a pakhomo, mmodzi atsike ndipo wina akwere, aliyense pa pepala lake komanso mwakachetechete, nauzane mayankho onse atamaliza. Kuwerengera mokweza onse pamodzi kumachotsa phindu la anthu awiri, popeza wachiwiri amangotsatira mawu a woyamba.

Zimene njirayi singagwire

Kutembenuza kumatsimikiza chinthu chimodzi chokha, chakuti manambala olembedwa pa tsambalo aphatikizidwa molondola monga mmene akuwerengedwera. Sikutsimikiza kuti manambalawo ndi oona. Ngati ndalama ya tsiku lachitatu inali K6,290 koma m'kope munalembedwa K6,920, kutsika ndi kukwera kudzagwirizana bwinobwino pa chiwonkhetso chopitirira ndi K630. Ngati malonda a tsiku lina sanalembedwe nkomwe, palibe kuwerengera kumene kungawabweretse. Chimodzimodzinso nambala yolembedwa mosaoneka bwino, monga 1 wofanana ndi 7 kapena 0 wofanana ndi 6, imatha kuwerengedwa molakwika mofanana maulendo onse awiri, ndipo K840 yolembedwa molunjikitsa kumanzere, 8 wake nkugwera mu mzere wa masauzande, imanyenga wotsika ndi wokwera yemwe. Nchifukwa chake kalembedwe kowongoka kanatchulidwa poyambirira, ndipo nambala ina iliyonse yaifupi kuposa anzake iyenera kuyang'anidwa payokha musanayambe kuphatikiza.

Njirayi ilibenso mphamvu pa manambala awiri okha, popeza 27 ndi 8 ndi samu yomweyo ndi 8 ndi 27, ndipo amene waphonya mbali imodzi angaphonyenso mbali inayo. Samu yaifupi yotere imatsimikizidwa pochotsera: K33,140 kuchotsapo K17,630 iyenera kubweza K15,510. Nkothekanso, ngakhale sizichitika kawirikawiri, kuti munthu aphonye ndi 1 potsika naphonyenso ndi 1 pamalo ena pokwera, mayankho awiri olakwika nkugwirizana. Kutopa, mdima ndi phokoso zimachulukitsa mwayi wa zoterezi, choncho samu ya ndalama zambiri, monga ya tsiku logawana ndalama za gulu, iyenera kuwerengeredwanso ndi munthu wina ngakhale mayankho awiri oyamba agwirizana.

Zolakwa za kalembedwe zimagwidwa pofananitsa kope ndi chinthu china chimene chili kunja kwa kopelo. Ndalama iliyonse yolembedwa ifananitsidwe ndi lisiti, ndi uthenga wa pafoni wotsimikiza ndalama zotumizidwa, kapena ndi buku la membala, ndipo pambali pake paikidwe kachizindikiro kosonyeza kuti yaonedwa. Pomaliza, chiwonkhetso chifananitsidwe ndi ndalama zenizeni zimene zili m'thumba kapena m'bokosi, zowerengedwa pamaso pa onse okhudzidwa. Banja la m'chitsanzo chija, ngati silinagwiritsepo ntchito ndalama iliyonse, liyenera kupeza K33,140 m'manja. Likapeza K33,040, ndiye kuti K100 ikusowadi ndipo iyenera kufufuzidwa kwina, chifukwa samu yatsimikizika kale. Dongosolo limeneli lili ndi kulemera kwake pa ubale wa anthu, popeza msungichuma wosalakwa angathe kunenedwa kuti waba pamene cholakwa chili mu mzere wa mahandiredi. Choncho munthu asafunsidwe za ndalama zosowa, ndipo chiwonkhetso chisalembedwe ndi bolopeni kapena kulengezedwa ku gulu, kufikira mzere uliwonse utapereka yankho limodzi potsika ndi pokwera.